Kujambula sikirini uku mukufotokoza: tiphunzitse kuwonkhetsa malikisi mu Excel

Vidiyo yoyamba yomwe ndinajambula inali ya mphindi 12, yophunzitsa aphunzitsi anzanga kuwonkhetsa malikisi mu Excel. Ndinayitumiza pagulu lathu la WhatsApp usiku, mtima uli m'malo. Kutacha mayi wina wachikulire, yemwe waphunzitsa zaka zambiri kundiposa, anandiyankha mwaulemu kuti: "Aphunzitsi, mawu akumveka ngati muli m'chitsime, ndiye kamuvi kanu kakuthamanga ngati mbewa yoona mphaka. Ndabwereza katatu koma sindikuona pomwe mwadina." Sananame. Ndinali nditajambula ndi maikolofoni ya m'kati mwa laputopu, yomwe ili pafupi ndi fani, ndipo dzanja langa linkafika kaye mawu n'kumabwera pambuyo.

Kuyambira pamenepo ndimatsata lamulo limodzi: pakamwa patsogole, dzanja litsatire. Munene chomwe muchite, mulozepo, mudikire pang'ono, kenako mudine. Zina zonse zomwe zili m'munsimu n'zongothandiza kuti lamuloli ligwire ntchito kwa munthu yemwe akuonera vidiyo yanu pafoni, sikirini yake yochepa ngati chikhatho, bandulo yake yowerengera.

Tigwiritsa ntchito OBS Studio, pulogalamu yaulere yomwe imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Mayina a mabatani omwe ndilembe ndi a pa Windows.

Sankhani kanthu kamodzi, mukalembe

Musanatsegule OBS, ganizani kuti munthu akamaliza kuonera azitha kuchita chiyani ndi manja ake. "Kudziwa Excel" si yankho. "Kuwonkhetsa malikisi a mwana mmodzi kenako kukokera fomyulayo kwa ana ena onse" ndiye yankho. Zimenezi zimakwana m'mphindi 4 kapena 5. Za avereji, za kusanja ana kuyambira woyamba, za kusindikiza, zonsezo ndi mavidiyo ena. Wophunzira akasokonezeka amabwerera m'mbuyo, ndipo kufufuza malo omwe wasokonezekera n'kophweka m'vidiyo ya mphindi 4 kusiyana ndi ya theka la ola.

Konzani fayilo yophunzitsira yapadera. Musatsegule ya malikisi enieni a ana a anthu, chifukwa vidiyo ikangotuluka m'manja mwanu simudziwa komwe ikathere. Yanga ili ndi ana asanu okha, olembedwa kuti Mwana 1 mpaka Mwana 5 mukolamu A. Mukolamu B muli Masamu, mu C muli Chichewa, mu D muli Sayansi, ndipo E ndaisiya yopanda kanthu, mutu wake wokha ndi womwe walembedwa. Mwana 1 ali ndi 64, 71 ndi 58. Ndinawonkhetseratu pamanja kuti ndi 193, kuti yankho likatuluka pasikirini ndidziwe kuti lili bwino, komanso wophunzira athe kufananiza ndi lake.

Tsopano tengani pepala, mulijambule mzere pakati. Kumanzere lembani zomwe dzanja lichite, kumanja zomwe pakamwa panene. Anthu ambiri amadumpha gawoli poganiza kuti nkhaniyo amaidziwa kale. Kuidziwako ndiye vuto: zomwe mwazolowera mumazichita osaganiza, choncho simuzitchula. Yemwe wagwira Excel zaka zisanu samva n'komwe chala chake chikudina Enter, koma kwa wophunzira batani limenelo ndi phunziro palokha.

Zonena zanga za pakati pa vidiyoyi zimayenda motere:

"Tiyika yankho m'kabokosi ka E2, kamene kali pansi pa mutu wathu womaliza, mumzere wa Mwana 1. Onani kamuvi kanga, kali apa. Ndikudina kamodzi. Mwaona kabokosiko kazunguliridwa ndi mzere wobiriwira. Tsopano ndilemba pakiyibodi. Choyamba ndi chizindikiro cha timizere tiwiri togona chija, chimene chimauza Excel kuti uku n'kuwerengera. Kenako zilembo zitatu, S, U, M. Nditsegula bulaketi: ndagwira Shift, ndadina 9. Ndilemba B2, timadontho tiwiri, D2. Nditseka bulaketi: Shift ndi 0. Tayang'anani kaye zomwe ndalemba, muimitse vidiyo ngati mukufuna kukopera. Tsopano ndikudina Enter."

Chomwe chimaoneka pasikirini ndi ichi:

```
=SUM(B2:D2)
```

Taonani kuti mabatani a pakiyibodi ndikuwatchula. Vidiyo ya sikirini imaonetsa kamuvi koma siionetsa zala zanu. Mukadina Shift ndi 9 mwakachetechete, wophunzira amangoona bulaketi yatulukira ngati matsenga, ndipo akapita pakompyuta yake amadina 9 yekha n'kudabwa kuti kwabwera nambala.

Taonaninso kuti palibe pomwe ndanena "apa" popanda kutchula dzina la malowo kapena mbali yomwe ali. "Dinani apa, kenako apo" ndi mawu osathandiza kwa munthu yemwe waphethira. Nenani kuti pamwamba kumanzere, pansi kumanja, pansi pa mutu wakuti. Mayina a mabatani muwatchule monga alembedwera pasikirini. Ngati palembedwa File nenani File, ngakhale nkhani yonse ili m'Chichewa, chifukwa chimenecho n'chomwe maso a wophunzira akufunafuna. Tanthauzo lake mutha kulinena kamodzi n'kupitiriza.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza uku mukuchita zenizenizo pakompyuta, wotchi ili pambali. Pomwe lilime lapunthwa, sinthani mawuwo. Mukaona kuti zapitirira mphindi 6, pali china chomwe chalowa mosayenera, chichotseni.

Sesani pasikirini, mukulitse zilembo

Tsekani china chilichonse: imelo, WhatsApp ya pakompyuta, mafoda a zithunzi za kunyumba. Yatsani Do not disturb ngati muli pa Windows 11, kapena Focus assist pa Windows 10, kuti uthenga wa munthu usatulukire pakona muli mkati mojambula. Foni nayo ikhale chete, ndipo isagone patebulo lomwe pali maikolofoni, chifukwa ikanjenjemera zimamveka.

Kenako kulitsani. Mu Excel, gwirani Ctrl n'kupukusa kagudumu ka mausi mpaka nambala ya pansi kumanja ifike cha m'ma 180% kapena 200%. Kwa inu zioneka zazikulu mopusa, koma pafoni ndiye mulingo wake. Dziwani chinthu chimodzi: kukulitsaku kumakhudza timabokosi tokha. Kamzere ka pamwamba komwe fomyula imaonekera sikakula nawo, ndiponso mabatani a pamwamba aja sakula. Choncho polemba fomyula muuze anthu kuti ayang'ane m'kabokosi momwemo. Ngati phunziro lanu likufuna mabataniwo ndipo sikirini yanu ndi ya 1920x1080, pitani ku Settings ya Windows, System, Display, mukweze Scale kufika 150%. Malaputopu ambiri akale ndi a 1366x768, ndipo pa ntchito iyi ali ndi mwayi wake: zinthu zimaoneka zikuluzikulu kale.

Kamuvi nako kakule. Pa Windows 11 zili ku Settings, Accessibility, Mouse pointer and touch. Pa Windows 10 zili pansi pa Ease of Access. Kakwezeni pang'ono chabe, kasachite kuphimba manambala.

Mawu: apa ndiye pofunika kufatsa

Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino kwenikweni, koma mawu osamveka amamutopetsa msanga, n'kutseka vidiyo. Simukufunika maikolofoni yodula. Tizomvera m'makutu ta foni tija, tokhala ndi kamaikolofoni pachingwe, timaposa maikolofoni ya m'kati mwa laputopu chifukwa chimodzi chokha: timayandikira pakamwa. Maikolofoni ikakhala pafupi, mawu anu amakula kuposa phokoso la m'chipinda. Ikakhala patali imatola zonse mofanana, inu, fani, kugogoda kwa kiyibodi ndi mawu anu omwe obwerera kuchokera kukhoma. Kumeneko ndiye kumveka ngati uli m'chitsime kuja.

Koma isakhale kutsogolo kwenikweni kwa milomo. Chichewa chathu chili ndi mawu ambiri otulutsa mpweya: phala, thumba, khasu, phunziro. Ikani chikhatho patsogolo pa kamwa munene "phunziro", mumva kamphepo kakukumenyani. Kamphepo kameneko kakamenya maikolofoni kamamveka ngati munthu wagogoda ng'oma. Ikani maikolofoni chammbali, cha kuchibwano, motalikira ngati m'lifupi mwa chikhatho chanu. Ngati ndi ya pachingwe, ipanikizeni pamalaya ndi chopanira zovala kuti isamakhule kolala mukatembenuka. Musaigwire m'manja, manja onse awiri ali ndi ntchito.

Chipinda nacho chimalankhula. Kalasi yopanda anthu, ya simenti pansi ndi makoma osalala, ndi malo oipitsitsa ojambuliramo ngakhale kuli zii. Kuchipinda chogona, komwe kuli matiresi, makatani ndi zovala zopachika, mawu amamveka ouma bwino. Womberani m'manja kamodzi mumvetsere: mukamva kamchira kotsalira, pachikani bulangete kumbuyo kwa laputopu kapena samukani. Nthawi ya dzinja, ngati denga ndi lamalata, musalimbane ndi mvula, dikirani ikate. Ndipo aliyense amadziwa nthawi za phokoso za kwawo, pamene chigayo chimayamba, pamene ana amaweruka, pamene atambala amapikisana. Ine kwanga nthawi yabwino ndi cha m'ma 9 koloko usiku.

Kukonza OBS

Mukatsegula OBS koyamba ikufunsani kuti mukufuna kuigwiritsa ntchito yanji. Sankhani zojambula chabe, osati zoulutsa pompopompo. Kenako yang'anani m'munsi, muona timagawo: Scenes, Sources, Audio Mixer ndi Controls.

Pa Sources dinani +, musankhe Display Capture, muvomereze, ndipo onetsetsani kuti pa Capture Cursor pali chochonga. Pali china chotchedwa Window Capture chomwe chimajambula pulogalamu imodzi yokha. Chimaoneka chaukhondo, koma pophunzitsa ndimachipewa, chifukwa nthawi zina timawindo totulukira pamwamba, monga ka Save As, sitilowa m'vidiyo, ndiye mumapezeka mukufotokoza chinthu chomwe woonera sakuchiona. Mukaona sikirini ikudzibwereza mkati mwake ngati magalasi awiri oyang'anizana, musadabwe, ndi OBS ikudzijambula yokha. Zimatha mukaitsitsa pansi. Mukaona mdima wokhawokha, zomwe zimachitika pa malaputopu ena, dinani kawiri pa Display Capture, pa Capture Method musankhe Windows 10 (1903 and up). Chithunzi chikapanda kudzaza bwino malo ake, chidineni kenako Ctrl+F.

Tsopano dinani Settings. Pa Video, Base (Canvas) Resolution ifanane ndi sikirini yanu. Output (Scaled) Resolution ikhale 1280x720 ngati sikirini ndi ya 1920x1080. Ngati ndi yaing'ono ija, isiyeni yofanana ndi ya pamwambayo, chifukwa kuchepetsanso kumafufutitsa zilembo. Pa FPS, komwe ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi iliyonse, 30 ndi yokwanira, ndipo laputopu yofooka mutha kuiika pa 20. Excel si mpira, palibe chothamanga.

Pa Output, siyani Output Mode pa Simple. Recording Quality ikhale High Quality, Medium File Size. Mukaisiya pa Same as stream, batani loimitsa kaye kujambula silipezeka. Ndipo pa Recording Format sankhani mkv. Chifukwa chake n'chakuti fayilo ya mp4 wamba imamalizidwa kulembedwa pomwe mwadina Stop Recording. Magetsi akathima muli pakati, kapena kompyuta ikazima yokha, fayilo yonse imakana kutseguka. Ya mkv imasunga zonse mpaka pomwe zinadukira. Amene amajambula pakompyuta ya patebulo yopanda batire, kwathu kuno, asachite mwayi ndi zimenezi. Mukafuna mp4 pambuyo pake, pitani ku File, Remux Recordings. Zimatenga kanthawi kochepa ndipo sizichepetsa ubwino wa vidiyo.

Pa Audio, pezani Mic/Auxiliary Audio, musankhe maikolofoni yanu potchula dzina lake. Musaisiye pa Default. Ine ndinagwera pomwepa: zomvera zinali m'makutu, koma OBS inkamvetsera ya m'laputopu. Njira yotsimikizira ndi yachidule. Kandani kamaikolofoni ka pachingwe ndi chikhadabo uku mukuyang'ana kamzere ka Mic/Aux mu Audio Mixer. Kakadumpha kwambiri, ndi yomweyo. Kakangogwedezeka pang'ono koma n'kudumpha mukagogoda laputopu, mwasankha yolakwika. Kakapanda kusuntha n'komwe, onani ku Settings ya Windows, Privacy & security, Microphone, ngati mapulogalamu aloledwa kugwiritsa ntchito maikolofoni. Desktop Audio itsekeni podina kachizindikiro ka sipika, popeza phunziro la Excel silifuna mawu a kompyuta.

Kamzere ka Mic/Aux kali ndi mitundu itatu. Kobiriwira kamafika pa -20, kachikasu kamachokera pamenepo kufika pa -9, kofiira ndi kuyambira -9 mpaka 0. Lankhulani monga mudzalankhulire pojambula, osati monong'ona chifukwa mukuyesa. Mawu anu azisewera m'chikasu, n'kumangopsopsona chofiira mwa apo ndi apo. Akamakhala m'chobiriwira chokha, wa pafoni adzakweza mpaka pamapeto koma osamva. Akamagunda pa 0 amasweka, n'kumamveka ngati sipika yong'ambika ya pamsika, ndipo mawu osweka sakonzeka pambuyo. Akachepa, yambani mwayandikiza maikolofoni. Kenako kwezani mulingo wake ku Sound ya Windows.

Mukatero khalani chete, muyang'anenso kamzereko. Komwe kaima muli chete ndiye phokoso la chipinda chanu. Ngati kakuvinavina pamwamba, dinani timadontho titatu ta pa Mic/Aux, Filters, +, Noise Suppression, musankhe RNNoise. Imachotsa bwino phokoso losasintha ngati la fani. Galu wouwa kapena mwana wolira, musaidalire. Pansi pake wonjezerani Limiter, muisiye pa -6 pomwe imabwera, kuti mukaseka kapena kukweza mawu mwadzidzidzi asasweke. Pali inanso yotchedwa Noise Gate, yomwe imatseka maikolofoni mawu akatsika. Kwa oyamba kumene sindiilimbikitsa. Tikamamaliza chiganizo mawu amatsika, ndipo ikakhwimitsidwa imadya mapeto, "kabokosi" n'kumveka "kaboko".

Kanthu kena kodabwitsa: mukamva kulira kwa "zzzz" kosalekeza m'zojambula, zulani chaja ya laputopu mujambulenso. Kukatha, ndiye kuti gwero lake ndi chajayo kapena soketi. Dzazani batire, mujambule chaja ili pambali.

Yesani masekondi 20 musanayambe zenizeni

Dinani Start Recording, tsitsani OBS, nenani chiganizo chokhala ndi "ph" ndi "th" wambiri, lembani kanthu pakiyibodi, dinani kabokosi kamodzi, kenako Stop Recording. Fayilo muipeza podina File, Show Recordings. Imvereni ndi zomvera m'makutu, kenako itumizeni pafoni yanu muionere pomwepo, pasipika ya foniyo. Kodi 64 ndi 58 zikuwerengeka osatsinzinira? Kodi mawu akumveka makutu onse awiri? Akamveka khutu limodzi, dinani timadontho titatu tija, mutsegule Advanced Audio Properties, muchonge Mono pa maikolofoniyo. Kodi kamuvi kakuyenda modukiza? Ngati OBS yalemba m'munsi kuti Encoding overloaded, laputopu yalemedwa: tsitsani FPS, kapena pa Output sankhani Video Encoder yoyamba ndi mawu akuti Hardware ngati ilipo.

Mutha kuika batani loyambitsira ndi kuimitsira kujambula ku Settings, Hotkeys, kuti OBS isamaoneke koyambirira kwa vidiyo. Chenjerani posankha, chifukwa Excel nayo imamva batani lomwelo. F11 imakutsegulirani tsamba latsopano la tchati, F12 imatulutsa Save As. Lomwe mwasankhalo liyeseni kaye muli mu Excel muone ngati silichita kanthu.

Kujambula kwenikweni

Imwani madzi pang'ono, pepala lanu liimike pambali pa sikirini kuti musamaweramitse mutu. Yambitsani, muwerenge mumtima mpaka katatu, ndiye muyambe.

Chiganizo choyamba chinene phindu la vidiyoyo, basi: "M'vidiyo iyi tiwonkhetsa malikisi a ana asanu polemba fomyula kamodzi kokha." Moni wachidule ndi wokwanira. Ulemu wathu wofunsana za kunyumba ndi wabwino pamaso, koma apa munthu akulipira sekondi iliyonse ndi bandulo yake.

Lankhulani ngati mukuuza munthu mmodzi yemwe wakhala pambali panu, wamkulu yemwe mumamulemekeza koma sanagwirepo mausi kwambiri. Mukamaganiza za gulu, mawu amasanduka a pamsonkhano. Ndipo dzanja likakhala lilibe ntchito, lichotseni pa mausi. Ambirife timazunguza kamuvi tikamalankhula, monga timachitira ndi manja, koma maso a woonera amatsatira chilichonse choyenda, ndiye amakhala akuthamangitsa kamuvi m'malo momvera.

Malo ovuta kwambiri m'phunziro lathuli ndi pokokera fomyula pansi, ndipo m'pomwe muyenera kuchedwa dala. Mukadina Enter, 193 yatuluka, ndipo Excel yatsikira yokha ku E3. Zimenezo zineneni, chifukwa wophunzira akapanda kubwerera ku E2 adzakoka kabokosi kopanda kanthu. Ine ndimati:

"Yankho latuluka, 193. Koma onani, mzere wobiriwira watsikira pansi. Tibwerere: ndikudinanso E2. Tsopano yang'anitsitsani pakona ya pansi kumanja kwa kabokosika, pali kadontho kobiriwira. Ndikupititsa kamuvi pamenepo pang'onopang'ono. Panopa kamuvi ndi mtanda wonenepa woyera. Onani, kasintha, tsopano ndi mtanda woonda wakuda. Kakapanda kusintha musadine. Ndagwira batani lakumanzere la mausi, sindikulisiya, ndikukokera pansi mpaka pa Mwana 5. Tsopano ndasiya."

Kamuvi kakasintha, imani masekondi awiri athunthu musanakoke. Kwa inu adzaoneka ngati chaka. Kwa woonera ndi nthawi yoti diso lipeze malowo. Zotsatira zikatuluka imaninso, kenako dinani E3 muonetse kuti fomyula yasintha yokha kukhala ya mzere wachitatu:

```
=SUM(B3:D3)
```

Ndimakondanso kuonetsa cholakwa chimodzi chomwe ndikudziwa kuti anthu achichita. Apa n'kuiwala chizindikiro choyambirira chija. Ndimalemba fomyulayo popanda icho, n'kudina Enter, ndipo m'kabokosi mumangokhala zilembo zomwezo, osati nambala. "Mukaona chonchi, musaope, simunawononge kanthu, mwangoiwala timizere tiwiri tija." Zimatenga masekondi ochepa koma zimapulumutsa mafoni ambiri ausiku. Cholakwa chimodzi chokha. Mukaonetsa zitatu, anthu amasokoneza cholondola ndi cholakwika.

Nanga inuyo mukalakwitsa mosafuna? Musaimitse kujambula, ndipo musayambirenso kuchokera pachiyambi, mungatope mawu n'kuyamba kumveka okwiya. Khalani chete, womberani m'manja kamodzi, bwezani sikirini pomwe inali chiganizocho chisanayambe (Esc ngati mudakali m'kati molemba, Ctrl+Z ngati mwadina kale Enter), bwezaninso kamuvi pomwe kanali, pumani, muyambirenso chiganizo chonsecho. Kubweza sikiriniko n'kofunika: mukapanda kutero, podula padzaoneka kudumpha, manambala atasintha okha popanda wowakhudza. Pomaliza nenani chomwe munthu ayese yekha, khalani chete masekondi atatu, ndiye muimitse.

Kudula ndi kuchepetsa

Podula ndimagwiritsa ntchito Shotcut, yaulerenso, ndipo imatsegula mkv mwachindunji. Kokerani vidiyo pamzere wa m'munsi, muona chithunzi cha mawu anu ngati timapiri. Pomwe munawomba m'manja pamaoneka kamzere kataliatali kosongoka, ndiye simufunika kumvera vidiyo yonse kuti mupeze zolakwa. Imikani pomwe chiganizo cholakwikacho chinayambira, dinani S kuti mudule. Pitani pomwe chabwinocho chikuyambira, dinaninso S. Sankhani chidutswa cha pakaticho, dinani X, chichoka ndipo mpata utsekeka wokha. Dulaninso zachabe za koyambirira ndi kumapeto.

Koma musachotse kupuma komwe munasiya dala. Mukaona malo athyathyathya pachithunzi cha mawu, dzanja limayabwa kuti muwadule. Onani kaye zomwe zikuchitika pasikirini nthawi imeneyo. Nyimbo za pansipansi musaike. Pasipika ya foni zimalimbana ndi mawu anu. Mukamaliza dinani Export, mutulutse mp4.

Kukula kwa fayilo kumawerengeka. Ngati vidiyo ndi mawu pamodzi zikudya 1100 kbps, mphindi 5 ndi masekondi 300, ndiye 1100 kuchulukitsa ndi 300, kugawa ndi 8, kugawanso ndi 1000, tipeza pafupifupi 41 MB. Vidiyo ya Excel imatha kuchepa kuposa apa chifukwa mbali yaikulu ya chithunzi siisuntha. Ikakula kwambiri, itsegulireni mu HandBrake, pulogalamu yochepetsera mavidiyo, sankhani Fast 720p30, pa Video mukweze nambala ya RF kuchoka cha m'ma 22 kufika 26, mudine Start Encode. Nambala ikamakwera fayilo imachepa, koma zilembo zimayamba kuchita chifunga m'mphepete. Onani pafoni, manambala akayamba kuvuta kuwerenga, bwererani m'mbuyo pang'ono.

Potumiza pa WhatsApp, dziwani kuti mukaitumiza ngati vidiyo wamba imafinyidwanso, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi zilembo zing'onozing'ono. Itumizeni ngati Document, ifika momwe ilili. Ipatseni dzina lomveka, monga kuwonkhetsa-malikisi-1.mp4, kuti munthu akaifuna mwezi wamawa aipeze. Omwe muli nawo pafupi apatseni pa fulashi kapena pa Bluetooth, asawononge bandulo.

Isanapite kugulu, pezani munthu mmodzi yemwe sadziwa zimene mwaphunzitsazo. Mupatseni foni ndi kompyuta yokhala ndi fayilo ya ana asanu ija, inu mukhale kumbuyo kwake manja m'thumba, pakamwa potseka. Mudzafuna kumuthandiza, musatero. Lembani mphindi ndi sekondi ya paliponse pomwe wabweza vidiyo m'mbuyo kapena wakutembenukirani. Nditajambulanso vidiyo yanga ija ndinapita nayo kwa mayi aja. Anayenda bwinobwino mpaka pa timadontho tiwiri, pomwe anaima n'kumayang'ana kiyibodi, kenako analemba kadontho kokhala ndi mchira pansi. Ndinali nditatchula Shift pa mabulaketi onse awiri koma pamenepa ndinaiwala. Ndinabwerera kunyumba, n'kujambulanso chiganizo chimodzicho: "Timadontho tiwiri: gwirani Shift, mudine batani lomwe lili kumanja kwa L."